Mayunitsi a sola akutsika pang'onopang'ono pa apu, koma dzuwa lilipo

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo pa sola ya kunyumba kwanga kuno ku Likuni. Ndili ndi mapanelo anayi a mawatsi 450, olumikizidwa motsatizana, invata ya 5kVA, ndi mabatire anayi a jelo a 12V 200Ah. Zatha zaka ziwiri chiikireni. Usiku uliwonse ndimaona pa apu kuti lero yapanga zingati, ndipo ndimalemba m'kope. Ogasiti wa chaka chatha masiku owala ndinkaona 8 kWh, nthawi zina kupitirira pang'ono. Ogasiti wa chaka chino zinali cha m'ma 6.2. Pano mu Seputembala zili pa 5.6, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Sizinagwe tsiku limodzi ayi, zikungotsika mwezi ndi mwezi. Invata sikusonyeza vuto lililonse. Ndiyambire pati?

A Gondwe: Mapanelo amakalamba achimwene. Anga ku Mzuzu kuno nawonso sali ngati mmene analili atsopano. Komanso ena amene akugulitsidwa masiku ano amalemba 450 kuseri pamene mkati ndi 300. Mwina munagula otero.

Anaphiri: A Gondwe, kukalamba n'koona, koma kumayenda mochedwa kwambiri. Panelo yabwino imataya pafupifupi theka la peresenti pa chaka, chaka choyamba mwina kupitirirako pang'ono. N'chifukwa chake opanga amalonjeza kuti pakatha zaka 25 idzakhala ikupereka 80 peresenti kapena kuposa. Pa zaka ziwiri, 8 ikanatsika kufika 7.8, ndipo m'kope simungazindikire n'komwe. Apa tikukamba za 8 kufika 5.6, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lapita. Za mapanelo onama zilipodi, koma onamawo amanama kuyambira tsiku loyamba. Awa anaperekapo 8 kWh, ndipo pa mawatsi 1800 ku Lilongwe nambala imeneyo ndi yoyenera.

Agogo a Dalitso: Ndi zoona mwana wanga, mayunitsi masiku ano sakuchedwa kutha. Ine ndikagula Lolemba, pofika Loweruka mita yayamba kale kulira.

Yamikani ku Joni: Agogo, awa sakunena mayunitsi ogula aja. Akunena amene sola yawo ikupanga yokha padenga. Koma muyezo wake ndi womwewo, yuniti imodzi ya pa mita yanu ndiye 1 kWh yawoyo.

Agogo a Dalitso: Oho, pepani ana anga. Pitirizani, ndikumvetsera.

A Mbewe: Ine chikundidabwitsa n'chakuti kwayamba kutentha. Seputembala dzuwa limaswa mtengo, ndiye zimayenera kukwera osati kutsika.

Anaphiri: Kukwera zimayeneradi kukwera a Mbewe, koma chifukwa chake si kutentha. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, motsika, ndipo usana umafupika. Kuchokera pamenepo limakwera mpaka kumapeto kwa Okutobala pamene masana limakhala paliwombo penipeni. Kuwalako ndi kumene kumawonjezera magetsi. Kutentha kokhako kumachotsa. Mawatsi 450 olembedwa kuseri aja anayezedwa panelo ili pa madigiri 25, pomwe pa malata masana a chilimwe panelo imafika 60. Digiri iliyonse yopitirira 25 imadya pafupifupi 0.35 peresenti, ndiye pa 60 mwataya cha m'ma 12 peresenti. Koma Seputembala wa chaka chatha kunkatenthanso chimodzimodzi. Bambo a Tadala achita bwino kufanizira mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, chifukwa nyengo imachokamo m'nkhaniyo.

Anaphiri: Bambo a Tadala, nambala ya tsiku lonse ija tiisiye kaye. Tsegulani gilafu ya tsiku limodzi lowala la sabata ino, ndi ya tsiku lowala la Seputembala wa chaka chatha ngati apu inasunga. Mundiuze zinthu zitatu: PV Power, mphamvu yochokera padenga, inafika pamwamba pa mawatsi angati, inafika nthawi yanji, ndipo mzerewo unatsika bwanji.

Bambo a Tadala: Yasunga, mayi. Chaka chatha mzere ukukwera bwinobwino mpaka 1450W cha m'ma 11:30, ukukhala pamwambapo, kenako ukuyamba kutsika cha m'ma 1:30 masana. Wa dzulo wafika 1180W cha m'ma 10:30, kenako watsetsereka msanga, pofika 12 koloko uli pa 400W. Masana onse ukungoyenda pansi, kudumpha pang'ono apa ndi apo.

Anaphiri: Zikomo. Apa pali matenda awiri osiyana, ndipo n'chifukwa chake nambala ya tsiku yokha imasokoneza. Choyamba, pamwamba patsika kuchoka 1450 kufika 1180. Chachiwiri, mzere ukugwa dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Tiyambe ndi choyambacho poti n'chosavuta. Mapanelo munawatsuka liti?

Bambo a Tadala: Mvula yomaliza ya mu Epulo ndi imene inatsuka. Nyumba ili m'mbali mwa msewu wafumbi, ndipo malole onyamula njerwa amadutsa tsiku lonse. Chaka chatha msewuwu unali wa zii, anthu anali asanayambe kumanga kumtundaku.

Mayi a Chisomo: Fumbi la Lilongwe nalonso! Ife kuno ku Thyolo lathu ndi lina. Chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi, masiku atatu osaliona dzuwa, kamita kanga ka pakhoma kamangosonyeza 0.8A pamene nthawi zonse kamafika 7A. Chaka choyamba ndinaitana mnyamata kuti aone ngati waya waduka, iye anangoloza kumwamba. Pano ndimalemba pambali pa nambala kuti lero kunali nkhungu, kuti ndisadzasokonezeke pobwereza.

Anaphiri: Kulemba nyengo pambali kumathandiza kwambiri mayi. Kusiyana kwake n'kwakuti chiperoni chimagwetsa lero, mawa zabwerera. Fumbi limadya pang'ono tsiku lililonse osabweza, ndipo miyezi ino pamawonjezereka utsi ndi phulusa la moto wa m'tchire. Pali njira yodziwira musanakwere padenga. Pa apu kapena pa invata penipenipo, onani PV Voltage ndi PV Current nthawi imene mawatsi ali pamwamba. Fumbi limachepetsa maampu, mavoti amakhala pafupifupi pomwepo. Koma panelo ikawonongeka mkati, mwachitsanzo dayodi ya m'kabokosi ka kuseri ikapsa, ndi mavoti amene amatsika, ndipo amatsika kamodzi n'kamodzi ndi cha m'ma 12 mpaka 14, chifukwa gawo limodzi mwa atatu la panelo imeneyo lachoka pa mzere.

Bambo a Tadala: Chaka chatha: 150V ndi 9.7A. Dzulo 10:30: 151V ndi 7.8A.

Anaphiri: Mavoti ali bwino, ndiye mapanelo onse anayi ali pa ntchito. Maampu ndi amene atsika. Tsukani. Chitani m'mamawa galasi lisanatenthe, chifukwa madzi ozizira pa galasi lotentha akhoza kulisweka. Madzi oyera ndi nsalu yofewa kapena chikolopa chatsopano n'zokwanira. Osagwiritsa ntchito sopo wa ufa kapena chokwechera mapoto, ndipo osaponda panelo, imasweka mkati inu osaona. Samalani m'munsi mwa panelo, pamene felemu imatchinga madzi. Pamenepo pamakhala kamzere ka matope ouma, ndipo kakaphimba maselo a mzere wa pansi kamabweza m'mbuyo panelo yonse. Chitosi cha nkhunda chimodzimodzi. Poti anu ndi olumikizidwa motsatizana, imodzi ikada imakoka zinzake.

A Mbewe: Madzi a pa mjigo ali bwino? Kwathu ku Salima ndi amchere pang'ono.

Anaphiri: Amasiya zoyera pa galasi akauma. Ngati palibe ena, tsukirani omwewo koma mupukute asanaume.

Yamikani ku Joni: Ine ndikuonabe kuti vuto ndi apuyo. Yanga kuno intaneti ikaduka kwa maola awiri gilafu imakhala ndi mpata, ndipo tsikulo limaoneka lochepa.

Anaphiri: Zimachitikadi pa mainvata ena, makamaka amene apu imawerengera yokha kuchokera pa zimene kadongo ka waifai katumiza. Koma mpata umaoneka ndi maso, mzere umaduka kapena kuwongoka ngati wojambula ndi rula. Wa Bambo a Tadala sunaduke, ukutsetsereka. Ngati invata yawo imasunga yokha nambala ya tsiku, afanize ndi ya pa foni kuti tichotse chikayiko.

Bambo a Tadala: Ndafaniza, pa invata 5.6, pa foni 5.6. Nditsuka Loweruka m'mawa.

Bambo a Tadala: Ndabweranso abale. Tatsuka ndi mwana wanga dzuwa lisanatuluke. Madzi otsika m'malata anali ofiira ngati a m'chithaphwi, ndipo kamzere ka matope kamene munanena kanalipo pa onse anayi, kokhuthala ngati chala. Lero mawatsi afika 1390, maampu 9.3. Koma tsiku lonse yapanga 5.9 kWh basi. Mzere wagwanso, ndipo lero wagwa msanga kuposa kale, cha m'ma 10 koloko.

A Gondwe: Mwaona? Kutsuka kwangowonjezera 0.3. Ndinanena kuti mapanelo atopa.

Anaphiri: Ayi a Gondwe, taonani bwino. Mapanelo otopa sangachoke pa 1180 kufika 1390 chifukwa cha chidebe cha madzi, ndipo 1390 imeneyo yafika 10 koloko, dzuwa lisanakwere mokwanira. Mapanelo achira. Chimene chatsala ndi matenda achiwiri aja, ndipo apa ndipofunika kumvetsa chimene apu imawerenga. Sola ya panyumba ngati iyi situmiza magetsi ku mawaya a ESCOM. Magetsi ochokera padenga ali ndi kopita kuwiri kokha: zipangizo zimene zayatsidwa nthawi imeneyo, ndi mabatire. Mabatire akadzadza, invata imachepetsa yokha zimene ikukoka padenga, ngati mmene mumatsekera mpopi ndowa ikadzadza, madzi ali mbwee m'paipi. Ndiye nambala ya madzulo ija si mphamvu ya mapanelo. Ndi zimene nyumba ndi mabatire zinalandira. Kudumphadumpha kwa masana kumene munanena kuja ndi firiji ikamayaka ndi kuzima.

Anaphiri: Yesani izi mawa 12 koloko, mzere utagwa kale. Yatsani ketulo yamagetsi, foni ili m'manja. Ketulo imakoka cha m'ma 2000W, kuposa zimene mapanelo angapereke, ndiye invata itsegula zonse. Muone PV Power ikafika pati. Muonenso mavoti a mabatire nthawi imene mzere umayamba kugwa m'mawa.

Bambo a Tadala: Ndayesa. Isanayake ketulo 380W. Nditayatsa, pasanathe mphindi imodzi yakwera kufika 1440W. Madzi atawira yabwerera pansi. Mabatire anafika 56.4V itangokwana 10 koloko, ndipo masana invata imalemba Float pa 54V, kusonyeza kuti adzadza.

Mayi a Chisomo: Ndiye kuti palibe vuto? Mabatire akudzadza msanga, si zabwino zimenezo?

Anaphiri: Zikanakhala zabwino mayi akanakhala kuti achepetsa zogwiritsa ntchito usiku. Batire imadzadza msanga pa zifukwa zitatu: simunaitape kwambiri usiku, kapena china chake chinaidzadza kale usiku, kapena yachepa mimba. Bambo a Tadala, pakhomo pasintha chiyani chaka chino? Ana apita kogonera? Mwasintha firiji? Ndipo muone pa invata pamene pamasankhidwa chotchajira mabatire. Pakakhala SNU ndiye kuti magetsi a pa mzere wa ESCOM amatchajanso usiku, dzuwa likamatuluka limapeza ntchito yatha kale. Ndinakumanapo nazo kwa munthu wina, mlamu wake anasintha nyengo ya mvula n'kuiwala kubweza.

Bambo a Tadala: Pakhomo tilipo omwewo, firiji yomweyo, wailesi yakanema ndi mababu omwewo. Pa chotchajira pali OSO, dzuwa lokha. Pa zotulutsa pali SBU, kuyamba ndi dzuwa kenako mabatire, ndipo imabwerera ku magetsi a pa mzere mabatire akafika 46V. Koma funso lanu landikumbutsa china. Kale m'mawa ndikadzuka invata imakhala ikadali pa mabatire. Miyezi ino ndimapeza yasamukira kale ku magetsi a pa mzere. Ndayang'ana pa gilafu ya usiku: chaka chatha sinkasamuka n'komwe, mu Meyi imasamuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pano 1:30 usiku.

Agogo a Dalitso: Ndiye mayunitsi ogula aja akuthanso msanga kwa inu, si choncho?

Bambo a Tadala: Eya agogo, akuthadi msanga kuposa chaka chatha. Ndimaganiza kuti ndi nkhani ina.

Anaphiri: Ndi nkhani yomweyi, agogo agunda pamutu. Tiwerengere pamodzi. Mabatire anayi a 12V 200Ah ndi 9.6 kWh pa pepala. Chaka chatha usiku ankapereka mwina 4 kWh, ndipo kuti abwerere pamafunika cha m'ma 5, chifukwa batire ya mtovu, monga ya jeloyi, imataya ina potchaja. Onjezani 3 kWh ya zipangizo za masana, mwapeza 8 ija. Pano akupereka mwina 2.3 n'kugonja, ndiye masana akungolandira cha m'ma 2.9. Onjezani 3 yomweyo, mwapeza 5.9. Imene yasowa pa apu simunaitaye padenga, mukuigula pa mita usiku. Fumbi linabisala mkati mwa zimenezi, n'chifukwa chake kutsuka sikunasinthe kwambiri nambala ya tsiku.

A Mbewe: Zaka ziwiri zokha mabatire a jelo n'kutha? Ogulitsa amati zisanu.

Anaphiri: Zimatengera kuti akutapidwa mozama bwanji usiku uliwonse, ndi kutentha kwa chipinda chimene ali. 46V ndi 11.5V pa batire iliyonse, ndipo kumeneko n'kutapa mozama kwa batire ya mtovu imene ikugwira ntchito usiku uliwonse. Ine ndimaika 48V. Oika ambiri amangosiya nambala imene invata inabwera nayo. Koma tisanawaweruze onse anayi, Bambo a Tadala, bwerekani kamita koyezera mavoti. Muyeze batire iliyonse payokha usiku, zipangizo zikuyaka, invata itatsala pang'ono kusamuka. Masana musavutike, onse amaoneka athanzi akakhala pa chaji. Samalani kuti chitsulo chilichonse chisagunde mitu iwiri nthawi imodzi, ndipo vulani wotchi ndi mphete.

Bambo a Tadala: Ndayeza 1 koloko usiku wathawu. Yoyamba 12.0, yachiwiri 12.0, yachitatu 11.9, yachinayi 10.2. Yachinayiyo ndi imene ili pakona, pafupi ndi pamene invata imatulutsira mpweya wotentha. Ndikaigwira m'mbali ikumveka yofunda kuposa zinzake, ndipo yatupa pang'ono.

Anaphiri: Ndi imeneyo. Batire ya 12V ili ndi maselo asanu ndi limodzi a mavoti awiriawiri, ndiye ikatsalira ndi mavoti pafupifupi awiri ndiye kuti selo imodzi yafa kapena ili pafupi. Invata imangoona zonse pamodzi, 46.1, n'kuganiza kuti onse atha, pamene atatuwo akadali ndi kanthu. Choopsa chili masana. Invata ikukankha 56.4V poganiza kuti aliyense alandira 14.1, koma ngati selo ija yagundana mkati, ena onse akulandira mopitirira, ndipo jelo safuna zimenezo. Batire yotupa ndi yofunda musaisiye yolumikizidwa ndi zinzake. Ichotseni msanga, nyumba iyendere magetsi a pa mzere kwa masiku ochepa.

Yamikani ku Joni: Achimwene musataye ndalama pa jelo wina. Gulani ya lifiyamu imodzi ya 5 kWh nkhani ithe. Mumatapa mpaka 80 kapena 90 peresenti tsiku lililonse, ndipo apu imakuuzani peresenti yeniyeni, osati kulosera ndi mavoti.

Mayi a Chisomo: A Yamikani, mtengo wake mwauona wa kuno? Si aliyense angaitulutse ndalama imeneyo mwezi umodzi. Ine ndikanagula imodzi yokhayo yafayo.

A Gondwe: Ndinachitapo zimenezo, kuika yatsopano pakati pa zakale. Sinathe chaka, inafanana ndi zinzake. Pamenepo pokha ndikutsutsa.

Anaphiri: A Gondwe akunena zimene zimachitika kawirikawiri, yatsopano imakokedwa ndi zakale. Koma sindinganene kuti n'kulakwa nthawi zonse. Zimatengera atatuwo atsala ndi mphamvu yochuluka bwanji, ndipo 12.0 ya usiku umodzi siyikutiuza zimenezo. Aliyense atchajidwe payekha mpaka kudzadza, apume usiku, kenako ayezedwe ndi katundu wodziwika, mwachitsanzo babu la galimoto la 55W limene limakoka cha m'ma 4.5A, muone maola amene atenge kufika 12.0V. Ngati atatuwo akufanana ndipo akupirira pafupifupi maola 20, kugula imodzi ya mtundu womwewo kukhoza kukupatsani chaka china mukusonkha ndalama. Ngati akugonja pa maola 10, imodziyo ndi ndalama yotaya. Za lifiyamu, muone kaye ngati invata yanu imalola kusintha mavoti otchajira kapena kulankhulana ndi batireyo, si zonse zimatero.

A Mbewe: Ine ndikufunsa za kope lija. Ngati nambala ya tsiku imanamiza chonchi, tizilemba chiyani? Yanga ndi yaing'ono, mapanelo awiri, koma ndikufuna kuyamba.

Anaphiri: Sikuti imanama, ndi imene yawadzutsa Bambo a Tadala. Ingoonjezani ziwiri. Kamodzi pa sabata, tsiku lowala, 12 koloko, yatsani chinthu cholemera chimene invata yanu ingathe, mulembe mawatsi, mavoti ndi maampu a padenga. Imeneyo ndi ya mapanelo. Ndipo m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke mulembe mavoti a mabatire, kapena nthawi imene invata yasamuka. Imeneyo ndi ya mabatire. Pa invata yaing'ono musayese ndi ketulo. Ayironi kapena chilichonse chosapitirira mphamvu yake n'chokwanira.

Mayi a Chisomo: Nanga ine amene mzere wanga umagwa 2 koloko masana tsiku lililonse, batire isanadzadze? Zayamba chaka chino.

Anaphiri: Tulukani panja 2 kolokoyo muyang'ane padenga. Kumadzulo kwa nyumba kuli mtengo?

Mayi a Chisomo: Kuli mapeyala a aneba, akula kwambiri ndi mvula ya chaka chino. Koma kuwauza kuti adule nthambi ili ndi maluwa, ndiyambira pati ine?

A Gondwe: Kusuntha panelo n'kosavuta kuposa kusuntha aneba, mayi. Waya wake ungotalika pang'ono.

Bambo a Tadala: Ndachotsa batire yotupa ija, atatuwo ndawapereka kwa mnyamata wotchaja mabatire kumsika kuti awadzadze mmodzimmodzi. Babu la 55W ndapeza. Ndiyamba ndi imene inali pa 11.9, ndipo ndidzaika maola ake pano. Mayi Anaphiri, pobwezeretsa ndiwasunthe kuchoka pansi pa invata paja, kapena kungoika thabwa pakati n'kokwanira?

Anaphiri: Asuntheni, ndipo musiye mpata wa zala ziwiri pakati pa batire ndi inzake kuti mphepo izidutsa. Mawaya olumikiza akhale aafupi ndi okhuthala mofanana. Mundijambulire chipindacho ndione pamene pali zenera.